Mainchi 4 okha sakwanira: kawerengedwe ka tebulo la mafulanji

Munthu akalowa m'sitolo ya zitsulo n'kunena kuti, "Bambo, ndikufuna fulanji ya mainchi 4," wogulitsa wodziwa ntchito yake sathamangira kukatenga katundu. Amayamba wafunsa kuti, "Ya mabowo angati, achimwene? Nanga ikakumana ndi chiyani?" Ogula ena amaona ngati akuchedwetsedwa dala. Komatu pa paipi ya mainchi 4 pali mafulanji oposa asanu osiyana, onse olowa bwinobwino pa paipi imodzimodziyo, koma ambiri mwa iwo sangamangike pamodzi ndi anzawo.

Fulanji ndi chitsulo chozungulira, chophwatalala, chokhala ndi bowo lalikulu pakati ndi mabowo ang'onoang'ono m'mbali. Amachiwotcherera kapena kuchipotera kumapeto kwa paipi. Mafulanji awiri akayang'anizana, pakati pake amaikapo gasiketi, kenako mabauti amadutsa m'mabowo aja n'kufinya zonse pamodzi kuti madzi asadonthe. Pampu, valavu ndi mita yaikulu ya madzi zimabwera ndi mafulanji akeake ochokera kufakitale, ndipo apa ndi pamene mavuto amayambira, chifukwa fulanji ya pampu simungaisinthe. Yanu ndiyo iyenera kugonjera.

Mabowo a mabauti aja sanamwazidwe chisawawa. Mutajambula mzere wodutsa pakatikati pa bowo lililonse, mzerewo upanga mkombero. Dayamita ya mkombero umenewu, kutanthauza mtunda wochokera mbali ina kukafika mbali inayo podutsa pakati penipeni, ndiyo nambala imene nkhani yonseyi yagonapo. M'matebulo ena amailemba PCD, m'matebulo a ku Ulaya amangoika chilembo K. Aliyense amene anayesapo kuveka limu la galimoto ina pa galimoto yake akuidziwa kale: mabowo angakhale asanu mbali zonse, koma ngati mkombero wake wasiyana pang'ono, limulo sililowa.

Tebulo la mafulanji limaoneka losavuta. Kumanzere kuli kukula kwa paipi, ndipo mukatsata mzerewo kupita kumanja mumapeza dayamita ya fulanji yonse, dayamita ya mkombero wa mabauti, chiwerengero cha mabowo, kukula kwa bowo ndi kukula kwa bauti. Kuwerenga mzere sikuvuta. Chovuta n'kudziwa kuti mwatsegula tebulo loyenera, ndipo mwaima pa mzere woyenera.

Dzina la paipi si muyezo wake

Tiyambe ndi mzere. Nambala ya kumanzere ija ndi dzina chabe la paipi. Paipi yachitsulo yotchedwa DN 100, imene ambiri amati ya mainchi 4, mukaiyeza kunja mupeza mamilimita 114.3. Ya DN 200, ya mainchi 8, kunja kwake ndi mamilimita 219.1. M'kati mwake mumasintha malinga ndi kukhuthala kwa chitsulo. Choncho munthu amene wayeza paipi yake n'kupeza 114, akapita pa tebulo sapeza mzere wa 114, ndipo akasankha 125 poganiza kuti ndi umene uli pafupi kumtunda kwake, walakwitsa kale asanafike n'komwe pa mabauti.

Mapaipi apulasitiki, a PVC ndi akuda aja a HDPE, amatchulidwa ndi muyezo wake weniweni wa kunja. Paipi ya 110 imayendera fulanji ya DN 100, ya 90 imayendera DN 80, ya 160 imayendera DN 150. Pa DN 200 pamakumana mapaipi awiri, ya 200 ndi ya 225: mabowo a mabauti ndi amodzimodzi, koma bowo la pakati la chitsulo chogwirira kumbuyo limasiyana. Pogula mumatchula zonse ziwiri, kukula kwa paipi ndi DN ya fulanji.

Tebulo la kwa yani?

Mabuku a miyezo ya mafulanji alipo angapo, ndipo lililonse linalembedwa ndi dziko lake pa nthawi yake. La ku Ulaya ndi EN 1092, limene linalowa m'malo mwa matebulo akale a ku Germany a DIN komanso BS 4504 ya ku Britain. Limagwiritsa ntchito DN pa kukula ndi PN pa pulesha. La ku America ndi ASME B16.5, la mapaipi oyambira theka la inchi mpaka mainchi 24, ndipo limagawa mafulanji m'makalasi: 150, 300, 600 n'kumakwera. Ku Britain kunali lina lakale kwambiri la m'mainchi, BS 10, lokhala ndi Tebulo D, Tebulo E ndi ena. Ku Japan kuli JIS, kumene mumaona zilembo ngati 10K. Ku South Africa kuli SANS 1123, imene akale amaidziwa kuti SABS 1123. Mabowo a tebulo lake la 1600/3 pa mapaipi amene tikukamba pano amagwirizana ndi a PN 16.

Kuno kwathu zonsezi zimatha kukumana pa mpope umodzi. Mapaipi oikidwa kalekale m'maesiteti ndi m'matauni angakhale a BS 10, pampu yobwera ndi polojekiti ingakhale ya ku Japan kapena ku America, ndipo valavu yogulidwa chaka chatha yadzera ku Joni. Palibe mwa zimenezi chimene chili cholakwika pachokha.

Taonani zimene matebulowa amanena pa paipi imodzi yomweyo ya mainchi 4. La ku Ulaya, pa PN 16, limati mkombero ndi mamilimita 180, mabowo 8. La ku America, Kalasi 150, limati mainchi 7 ndi theka, amene ndi mamilimita 190.5, mabowo 8. La ku Japan, 10K, limati 175, mabowo 8. BS 10 imati mainchi 7, amene ndi mamilimita 177.8, koma Tebulo D lili ndi mabowo 4 pamene Tebulo E lili ndi 8. Munthu wongowerenga mabowo anganene kuti anayi mwa mafulanji amenewa ndi ofanana.

N'chifukwa chiyani kusiyana kwa sentimita imodzi yokha kumalepheretsa ntchito? Masamu ake ndi aafupi. Pakati pa 180 ndi 190.5 pali mamilimita 10.5. Popeza kusiyanaku kumagawanika mbali ziwiri za mkombero, bowo lililonse limaphonyana ndi linzake ndi mamilimita oposa 5 pang'ono. Tsono bauti la M16, lonenepa mamilimita 16, likakhala m'bowo la 18 lili ndi mpata wa milimita imodzi yokha mbali iliyonse. M'bowo la fulanji ya ku America, la mamilimita 19, mpatawo ndi milimita imodzi ndi theka. Kuphatikiza, bauti lingapirire kuphonyana kwa mamilimita awiri ndi theka basi. Pakufunika 5. Mudzalowetsa bauti limodzi, mwina awiri oyandikana mutakankhira fulanji pambali, koma a mbali inayo adzagunda chitsulo.

Chimene chimachulukitsa mabauti

Mukadziwa buku, chatsala n'kusankha tsamba, chifukwa m'buku lililonse muli tebulo la pulesha iliyonse. PN 10 ndi fulanji yopirira mabaa 10 madzi akakhala ozizira, PN 16 mabaa 16. Baa imodzi ndi pulesha imene mumapeza pansi pa madzi akuya mamita 10 ndi pang'ono. Choncho thanki ikakhala paphiri, mamita 60 pamwamba pa valavu yanu, valavuyo ikumva mabaa pafupifupi 6 ngakhale madzi asakuyenda. Mzinda wa Blantyre umamwa madzi okwezedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry, chikweza cha mamita pafupifupi 800, ndipo amachita kuwapopa m'magawo. Pa mipope yotere PN 16 ndi yamwana.

Makalasi a ku America samveka mwachindunji chotero. Nambala 150 sikutanthauza pulesha imene mungawerenge pa geji. Fulanji yachitsulo wamba ya Kalasi 150 imapirira mabaa 19.6 pa madzi osatentha, ya Kalasi 300 mabaa pafupifupi 51, ndipo manambalawa amatsika kutentha kukamakwera. Pa mpope wa nthunzi, monga wa m'fakitale ya tiyi kapena ya shuga, tebulo la mabowo lokha silokwanira. Pamafunika linanso losonyeza pulesha yololedwa pa kutentha kulikonse.

Pulesha imafuna kukankha mafulanji awiri kuti atalikirane, ndipo mphamvu yake imakula msanga paipi ikamakula. Pa DN 100 yokhala ndi mabaa 16, madzi amakankha ndi mphamvu yonga kulemera kwa tani imodzi ndi makilogalamu 300. Pa DN 200, pulesha yomweyo imakankha ndi matani 5. Paipi yakula kawiri, mphamvu yakula kanayi.

Komabe ndinene kuti matani 5 si chinthu choopsa kwa mabauti 8 a M20. Akanakhala kuti ntchito yawo n'kungoletsa mapaipi kuti asalekane, anayi akanakwanitsa. Ntchito yawo yaikulu ndi kufinya gasiketi mofanana kuzungulira konse, ndi kupitiriza kuifinya pamene madzi akukankha. Pansi pa bauti gasiketi imafinyika kwambiri, koma pakati pa mabauti awiri chitsulo chimapindikira kunja pang'ono, mosaoneka ndi maso, ndipo pamenepo m'pamene madzi amapeza njira. Mabauti akatalikirana, malo ofookawo amakula. N'chifukwa chake matebulo amawonjezera mabowo paipi ikakula kapena pulesha ikakwera: akufupikitsa mtunda wa pakati pa bauti ndi linzake. Akakulitsa bauti amakakamizikanso kukulitsa mkombero, kuti nati ndi sipanala zipeze malo osagunda khosi la fulanji.

Muonanso kuti m'matebulo onsewa mabowo amayenda anayianayi: 4, 8, 12, 16, 20. Mukapeza fulanji ya paipi yokhala ndi mabowo 6, dziwani kuti ndi ya kampani ina yake yokha kapena inabooledwa m'galaja, ndipo simudzaipeza m'mabuku amenewa. Kuyenda anayianayi kumathandiza kuti valavu kapena chigongono chitembenuzidwe kotala la mkombero, madigiri 90, mabowo n'kukumanabe.

Valavu ya pa sikimu

Tiyerekeze sikimu yothirira imene imapopa madzi mumtsinje kupita kudamu lapamtunda kudzera m'paipi yachitsulo ya mainchi 8. Valavu yoyandikana ndi pampu yatha, ndipo komiti yatuma pulambala kuti akagule ina.

Choyamba aone pulesha. Damu lili mamita 95 pamwamba pa pampu, ndipo tinene kuti kukhulana kwa madzi ndi paipi kumadya mamita ena 20. Pamodzi ndi 115, amene ndi mabaa 11 ndi pang'ono. PN 10 yagwa kale pamenepa. Ndipo si pokhapo: valavu ikatsekedwa pampu ikuyenda pulesha imakwera kuposa apa, ndipo magetsi akazima mwadzidzidzi madzi obwerera amamenya mpope ndi mphamvu yoposa ya nthawi zonse. PN 16 ndiyo yoyambira, ndipo pa mpope wautali kumenya kwa madziko kuyenera kuwerengedwa ndi injiniya, osati kungoganizira.

Atsegula tebulo la EN 1092-1 napeza mizere iwiri iyi:

```
DN   PN   D    K    n    L   bauti
200  10   340  295  8    22  M20
200  16   340  295  12   22  M20
```

D ndi dayamita ya fulanji yonse, K ndi mkombero wa mabauti, n ndi chiwerengero cha mabowo, L ndi kukula kwa bowo. Pa mafulanji achitsulo chothira m'chikombole, ngati a mavalavu ambiri, bowolo limakhala 23, koma zina zonse n'zomwezo.

Mizere iwiriyi ndi msampha wodziwika kwa onse ogwira ntchito zamadzi. Pa mapaipi a DN 100, DN 125 ndi DN 150, PN 10 ndi PN 16 zimabooledwa mofanana, mwakuti munthu amazolowera kuganiza kuti ziwirizi ndi chinthu chimodzi. Pa DN 200 zimapatukana mwakachetechete: kukula kwa fulanji n'komweko, mkombero ndi womwewo, bauti ndi lomwelo, koma ina ili ndi mabowo 8, ina 12. Kuyambira DN 250 ngakhale mkombero umasiyana, 350 pa PN 10 ndi 355 pa PN 16, ndipo bauti limakwera kuchoka pa M20 kufika pa M24.

Pulambala wathu akanangotsata pulesha akanagula valavu ya mabowo 12 n'kukwera nayo minibasi. Koma mpope ulipo kale, ndipo uli ndi mafulanji ake owotcherera. Akawerenga, akupeza mabauti 8.

Kodi 12 ndi 8 sizingagwirizane, poti mkombero ndi umodzi? Mabowo 8 amatalikirana madigiri 45, mabowo 12 madigiri 30. Mukalunjikitsa bowo limodzi, ena atatu okha ndiwo amakumana, a pa kotala lililonse. Valavu ikhala pa mabauti 4 m'malo mwa 12, mtunda wa pakati pawo ndi woposa masentimita 20, ndipo gasiketi idzatulukira pamenepo. Ngakhale anayiwo kuti akumane muyenera kupendeketsa valavu madigiri 7 ndi theka. Ndaonapo mavalavu opendekeka chotero m'mipope, ndipo kawirikawiri pansi pake pamakhala pamatope.

Choncho ayenera kudziwa kuti mafulanji a mabowo 8 amenewa ndi a buku liti. Pa mainchi 8 alipo atatu ofanana nkhope. PN 10 ili ndi mkombero wa 295. Kalasi 150 ili ndi mainchi 11 ndi makota atatu, amene ndi 298.5. BS 10 ili ndi mainchi 11 ndi theka, amene ndi 292. Kusiyana kwake ndi mamilimita atatu okha uku ndi uku, ndipo diso silingakuone.

Choyamba n'kupala dzimbiri ndi penti m'mphepete mwa fulanji, chifukwa opanga ambiri amadinda pamenepo kukula, pulesha ndi dzina la buku. Zikakhala kuti zinafufutika, tepi igwire ntchito.

Valavu ikachotsedwa, kuyeza n'kosavuta, chifukwa bowo lililonse lili ndi linzake loyang'anizana nalo. Musavutike kufunafuna pakati pa bowo, poti pakatipo ndi mphepo yokhayokha. Ikani tepi pa mlomo wa kumanzere wa bowo limodzi, muwerenge pa mlomo wa kumanzere wa bowo loyang'anizana nalo. Popeza mabowo ndi ofanana kukula, nambala imeneyo ndiyo mkombero. Bwerezani pa mabowo ena awiri, chifukwa dzimbiri limadya milomo mosiyana.

Koma nthawi zambiri alimi safuna kuti madzi aime valavu yatsopano isanafike, ndiye kuti muyeza zonse zili zomanga, paipi itatchinga pakati. Njira imodzi n'kuyeza kuchokera pakati pa bauti kufika pakati pa loyandikana nalo, mtunda umene tiutche s, n'kuwerengera mkombero:

```
K = s / sin(180° / n)
```

Pa mabowo 4 zimenezi ndi kuchulukitsa s ndi 1.414, pa mabowo 8 ndi 2.613, pa mabowo 12 ndi 3.864. Njirayi ndi yabwino posiyanitsa 180 ndi 190.5, koma pa vuto la pulambala wathu ndi yofooka. Mitunda imene akusiyanitsa ndi 111.8, 112.9 ndi 114.2, pamene bauti lililonse limatha kutsamira mbali ina m'bowo lake ndi milimita yathunthu. Kuphonya kwa milimita imodzi pa s kumasanduka mamilimita awiri ndi theka pa mkombero, ndipo wasamukira m'buku lina osadziwa.

Ine ndimakonda kukulunga tepi kuzungulira mphepete ya fulanji yonse. Kuyeza kotere kumakulitsa kusiyana katatu m'malo mokubisa. Fulanji ya PN 10, ya 340, imapereka mamilimita pafupifupi 1068. Ya BS 10 imapereka 1057. Ya Kalasi 150 imapereka 1077, kapena kufika 1084 ngati inapangidwa motsata matebulo a m'mamilimita amene amaika 345. Sentimita yathunthu imaoneka ngakhale pa tepi yotopa. Muyeze fulanji ya paipi, osati ya valavu, poti zothira m'chikombole mphepete yake imakhala yokakala.

Tinene kuti wapeza 1078. Mpopewo ndi wa Kalasi 150, ndipo nkhani yatha bwino: mafulanji achitsulo a kalasi imeneyi amapirira mabaa 11 popanda vuto. Atseke buku la ku Ulaya lija, akafune valavu ya mainchi 8 yobooledwa motsata ASME Kalasi 150, mabowo 8, mabauti a makota atatu a inchi, ndipo aonetsetse kuti thupi la valavuyo lalembedwa pulesha yosachepera mabaa 16.

Akanapeza 1068, uthenga wopita nawo kukomiti ukanakhala wowawa. Mafulanji a PN 10 akhala akugwira ntchito pa pulesha yoposa imene anapangidwira, ndipo mwina ndicho chifukwa gasiketi za pamenepo sizikhalitsa. Kugula valavu ina ya PN 10 kungathetse vuto la mabowo n'kusiya la pulesha. Choyenera n'kudula mafulanji a chigawo choyandikana ndi pampu n'kuwotcherera a PN 16. Kumtunda, kumene pulesha yatsika pansi pa mabaa 10, akale aja angakhale.

Zolowa mokakamiza

Mafulanji osagwirizana kotheratu savulaza munthu, chifukwa ntchito imangoima. Oopsa ndi amene amalowa pang'ono. PN 10 ndi Kalasi 150 pa mainchi 8 zimaphonyana ndi milimita imodzi ndi makota atatu pa bowo lililonse, pamene mpata wa bauti la M20 m'mabowo awiriwo ndi mamilimita awiri ndi pang'ono. Mabauti amalowa, ena mochita kukhomera ndi hamala. Pa mainchi 6 ndiye amalowa mosavuta, poti mikombero ndi 240 ndi 241.3. Pa mainchi 4, Tebulo E la BS 10 limalowa pa PN 16.

Sindinganene kuti zoterezi sizigwira ntchito. Pa mpope wothirira dimba, wa pulesha yochepa, zimakhala zaka. Koma kulowa kwa mabauti sikutanthauza kuti nkhope za mafulanji zagwirizana. Ena ali ndi nkhope yosalala kuyambira pakati mpaka kumphepete, ena ali ndi kabwalo kotukuka pakati, pokhala gasiketi. Mukamanga fulanji yachitsulo ya nkhope yotukuka pa pampu ya chitsulo chothira, chija chotuwa chosapindika, mphepete mwake mumatsala mpata. Mukamakoka sipanala mphepete ya pampu imapindikira mumpatamo, ndipo chitsulo chimenechi m'malo mopindika chimathyoka. Khutu la pampu likathyoka, mtengo wake si wa fulanji. Pa pampu zotere pamafunika fulanji ya nkhope yosalala ndi gasiketi yodzaza nkhope yonse, yokhala ndi mabowo akeake.

Njira zina ziwiri zachidule ndimadana nazo kwambiri. Ina n'kukulitsa mabowo ndi tupa kapena ndi moto wa gasi mpaka atakhala ngati dzira. Nati imatsala itakhala theka pa chitsulo theka pa mphepo, washala amapindikira m'bowo, ndipo patapita milungu mabauti amapezeka olefuka ngakhale palibe anawakhudza. Ina n'kuika mabauti ocheperako, M16 pamene tebulo lati M20, kuti apeze mpata. Bauti la M16 lili ndi chitsulo chosakwana magawo awiri mwa atatu a cha M20, ndipo womanga akalikoka ndi mphamvu imene anazolowera pa lalikulu, limatamuka.

Zizindikiro za malo olumikizidwa motere zimaoneka: washala wopindika ngati mbale, bauti lopendekeka, mabowo osiyidwa opanda kanthu, mphepete za mafulanji awiri zosalingana, ndi mzere wa dzimbiri kapena ndere wotsika kuchokera pakati pa mabauti awiri.

Mankhwala enieni a mabuku awiri osiyana ndi kachidutswa ka paipi kokhala ndi fulanji ya buku lina mbali ino, ya buku linalo mbali inayo. Wowotcherera waluso amakapanga tsiku limodzi.

Poboola nokha

M'magalaja ambiri amadula mafulanji pa chitsulo chophwatalala n'kuboola okha. Pa madzi ozizira a pulesha yochepa zimatheka, bola kukhuthala kwa chitsulo kutengedwenso m'tebulo, osati kungotola chimene chilipo. Khomani kadontho pakati musanadule bowo lalikulu, tsegulani kampasi theka la mkombero, mujambule. Pa DN 100 ya PN 16 theka lake ndi 90. Kenako tsegulani kampasi mtunda wa pakati pa mabowo, umene pa fulanji imeneyi ndi 68.9, muyende nayo mozungulira. Phazi lachisanu ndi chitatu liyenera kugwera pamene munayambira. Likaphonya, konzani kampasi muyambirenso, musanakhome kadontho ngakhale kamodzi.

Powotcherera pa paipi yogona pali lamulo limene silioneka m'mizere ya tebulo: bowo lisakhale pamwamba penipeni. Mabowo awiri apamwamba akhale molingana, lina kumanzere lina kumanja kwa mzere wapakati, ndipo mumatsimikiza poika levulo pa mabauti awiri olowetsedwa m'mabowowo. Mapampu ndi mavalavu a kufakitale amabooledwa chomwecho. Mukaika bowo pamwamba, mkombero ndi mabowo zikhala zolondola koma valavu idzaima chopendekeka, madigiri 22 ndi theka pa fulanji ya mabowo 8.

Pali mizere iwiri ya tebulo la ku Ulaya imene muyenera kuikayikira nthawi zonse. Pa DN 65 ya PN 16, matebulo atsopano a mafulanji achitsulo amati mabowo 8, koma zambiri zimene zili m'mipope ndi m'masitolo zili ndi 4. Pa DN 80 tebulo limati 8, koma zakale zina za PN 10 zili ndi 4. Mkombero susintha, 145 pa DN 65 ndi 160 pa DN 80, mwakuti chotsala n'kupita kukawerenga mabowo pa chinthu chimene mukalumikizeko.

Kutalika kwa bauti matebulo ambiri salemba, poti kumadalira zimene mukumanga. Mumaphatikiza nokha. Mafulanji awiri a mamilimita 24 iliyonse ndi 48, gasiketi 3, mawashala awiri 6, nati ya M20 18, ndi mizere iwiri ya mazinga yotsalira kunja kwa nati 5. Zonse ndi 80, choncho mulemba M20 x 80. Ngati pakati pa mafulanji mukupanikizapo valavu yopyapyala ija yopanda mafulanji akeake, mabauti amadutsa mbali zonse, ndipo muwonjezere kukhuthala kwa thupi lake lonse musanapite kusitolo.